Mbiri ya Anyalongwe Akadali Moyo

Ngati munagonapo pa loji ina ya pakati pa Kande ndi Chintheche, n'kudzuka m'mawa thupi lili myaa, lopanda pokanda, dziwani kuti mashiti amene munagonerawo anadutsa m'manja mwa Hannah Longwe. Dzina loti Hannah limangopezeka pa chiphaso. Kwa anthu onse, kuyambira abusa mpaka makondakitala a minibasi, mayiwa ndi Anyalongwe basi. Ndi mayi wamfupi, wa manja okhakhala ndi sopo, ndipo amayenda ngati asiya mkaka pamoto.

Anabadwira komweko ku Kande. Sukulu analekeza Fomu 2 bambo awo atamwalira, kenako anakwatiwa ndi Mackson, msodzi wa usipa, n'kubereka naye ana atatu. Pa lojipo analowa mu 2011 ngati wochapa, ndipo patapita zaka ziwiri anayamba kukonzanso m'zipinda. Msana wa Mackson utakana zopalasa bwato, khomo lonse linatsamira pa ntchito ya Anyalongwe ndi kamunda kamodzi ka chinangwa. Iwo sankadandaula. Lamlungu ankavala yunifomu yoyera ya Umanyano, bungwe la amayi a mpingo, kumene anali mlembi, ndipo Lolemba ankabwerera ku thovu lawo.

Ndiye chaka chino loji inagulitsidwa. Eni ake atsopano anatumiza manijala wochokera ku Lilongwe, a Winston Kachale, bambo wamagalasi wosadziwa kuzungulira nkhani. Tsiku loyamba lomwelo anaitana onse asanu ndi anayi a m'zipinda ndi kochapira.

"Pano patsala anthu asanu," anatero a Kachale. "Mmodzi mwa asanuwo akhala kapitawo. Aliyense abweretse CV yake Lolemba."

CV! Ambiri mwa iwo pepala lofotokoza ntchito zimene munthu wagwira anali asanalilembepo chibadwire. Koma ku Chintheche nkhani ngati imeneyi siivuta. Pali shopu ya a Sumaili, ochokera ku Nkhotakota, imene ili ndi kompyuta ndi makina osindikizira. M'kompyutamo munali CV imodzi ya munthu wina amene anafunsirapo ntchito ya pa loji kalekale, ndipo a Sumaili, mwaulemu wawo wonse, ankangofufuta dzina n'kuikapo lina. Onse asanu ndi anayi anapita komweko, aliyense mobisa kuti anzake asamubere nzeru.

Lolemba a Kachale anayala mapepala aja patebulo, n'kuyamba kuwerenga mokweza.

"Kusesa m'zipinda. Kuyala mabedi. Kuchapa. Kusita. Ntchito zina zimene bwana angandipatse." Anatenga lachiwiri. "Kusesa m'zipinda. Kuyala mabedi." Anatenga lachitatu, n'kuvula magalasi. "Ndipo nonsenu pa nthawi yopuma mumakonda kusewera mpira wamanja. Ngakhale inu, a Golden?"

A Golden ndi mkulu wa imvi amene amanyamula zochapa, ndipo bondo lawo limalira akamakwera sitepe. Anthu anafuna kuseka, koma kuseka kunathera pakhosi. Anyalongwe anamva manyazi mpaka kumapazi.

"Kuti mumasesa ndikudziwa," anapitiriza a Kachale. "Tsache ndaliona. Ine ndikufuna kudziwa chimene chinasintha pano chifukwa inuyo munalipo. Mubwere Lachisanu ndi mapepala ena. Koma chenjerani, chilichonse chimene mulembe ndidzachifufuza ndekha."

Lachiwiri masana Anyalongwe anapempha maola awiri, anakwera njinga ya kabaza, ulendo wa ku Chintheche ndi mkwiyo wonse. M'thumba munali buku lawo lachikuto cholimba la kochapira, limene sasiyana nalo. Ankafuna akawafotokozere a Sumaili zimene anali asanamvepo. Koma pa kauntala anapeza Rehema, mchemwali wa a Sumaili, amene amagwira ntchito ku Mzuzu mu ofesi yolemba anthu ntchito ya bungwe lina. Anali atabwera kutchuthi, ndipo achimwene ake anali ku mzikiti.

Atamva nkhani yonse, Rehema anaseka mpaka kugwira kauntala.

"Pepani amama, sindikuseka inu. Mapepala otere ndimalandira mazana pa sabata, ndipo sindifika nawo pakati. Achimwene angawa ndithana nawo madzulo. Khalani apa, tilembe lanu lenileni."

Anatenga pepala, anajambula mzere pakati. Kumanzere analemba ntchito zija: kusesa, kuyala, kuchapa, kusita. Kumanja anasiya mbee.

"Mbali iyi ndi ya aliyense amene angavale yunifomu yanu. Mbali iyi ndi ya inu nokha. Mzere uliwonse uyambe ndi chimene inuyo munachita, unene vuto limene linalipo, utsirize ndi chimene chinatuluka. Ngati chikuwerengeka, tiikepo nambala ndi nthawi. Tiyambe ndi kuchapa. Mumachapa, ndiye chinasintha n'chiyani?"

"Zovala zimayera."

"Za aliyense zimayera. Chimene inu munachita choposa anzanu n'chiyani?"

Apa Anyalongwe anakwinya nkhope. Anakonza chitenje, n'kuyang'ana kunja kumsewu.

"Mwanawe, ife sitinaleredwe choncho. Munthu sayima pagulu n'kumadzitchula zabwino zake. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Ntchito ndinkagwira ndi anzanga, ndipo mphamvu anapereka ndi Mulungu. Ndilembe kuti ine, ine, ine? Anthu a ku tchalitchi akamva adzati chiyani?"

"Adzati mwatsala pa ntchito."

"Aaa, iyayi."

Rehema anayesa uku, anayesa uko, koma mayiwo anauma gwa. Ola lathunthu linatha mbali ya kumanja ilibe ngakhale kadontho. Anyalongwe anayamba kumanga thumba lawo, mtima uli pa Mackson ndi ana, akudziwa bwino kuti akabwerera ndi pepala ngati loyamba lija, Lachisanu adzapita kwawo osabweranso.

Mwadzidzidzi Rehema anamenya tebulo.

"Dikirani! Si inu munawerenga mbiri pa maliro a Anyamhone, aja ankagulitsa mandasi pafupi ndi shopu ino? Ndinalipo ine, ndinakhala kumbuyo ndi amayi anzanga achisilamu."

"Ndine. Mbiri za amayi a Umanyano ndimalemba ndine, zaka zisanu ndi zinayi tsopano."

"Munati chiyani za iwo? Munati ankatunga madzi, ankasesa pakhomo?"

"Iii, mwano umenewo! Mbiri yotero abale angakuthamangitse pamanda." Anyalongwe anasiya thumba, mawu anakwera. "Ndinati mjigo wa kumudzi kwawo unafa zaka ziwiri, iwo anasonkhanitsa amayi, anapeza mmisiri, ndipo mabanja makumi anayi analeka kumwa madzi a m'nyanja. Ndinapita ndekha kukawerenga makomo, chifukwa pamaliro sunganame, aliyense amamudziwa malemuyo."

"Ndiye zimenezotu! Chimene anachita, vuto, zotsatira, nambala yoona. Amama, ntchito imene ine ndinakaphunzira ku koleji inu mumaigwira pamanda! Ndiye lero mungofa pang'ono. Imirirani, muwerenge mbiri ya malemu Anyalongwe."

"Mwana iwe! Lavula!"

Anatukwana, koma akuseka, misozi ili m'maso. Kenako anaimiriradi. Anagwira buku lawo pachifuwa monga amachitira pamaliro, anatsokomola, n'kuyamba ndi mawu aja olemera amene amatontholetsa khamu.

"Malemuwa atafika kochapira, anapeza mashiti akutayidwa chaka ndi chaka chifukwa cha nkhungu."

"Pitirizani!" Rehema anali atagwira kale cholembera.

Nkhungu, kwa inu a kumtunda, ndi tizilombo touluka timene timatuluka m'nyanja mochuluka ngati utsi. Mphepo ikatikankhira kumtunda timamatirira pa chilichonse chonyowa. Tikatera pa shiti yoyera yoyanikidwa, wina n'kuyesa kusasa kapena kupukuta, timaphwanyika n'kusiya mathotho ndi fungo la nsomba. Ochapa akale ankalimbana nazo ndi mankhwala oyeretsera mpaka nsalu kufumbwa n'kung'ambika. Anyalongwe, pokhala mkazi wa msodzi, ankadziwa kuti nkhungu zimakonda kutuluka masiku a mdima, mwezi ukafa. Ndiye ankafunsa Mackson za mwezi, n'kusintha ndondomeko: masiku amenewo kuchapa mbandakucha, kuanula dzuwa lisanapendeke, ndipo utsi uja ukaoneka panyanja, zonse kuthamangira nazo m'shedi imene anapempha kuti itchingidwe ndi maneti akale. Komanso pa ngodya ya shiti iliyonse anasokapo nambala ndi ulusi wofiira, kuti zizisinthana bwino ndiponso yosowa izidziwika.

"Ankataya angati pachaka?" anafunsa Rehema.

Anatsegula buku. Zaka zitatu zoyamba kulemba, mashiti otayidwa anali 38, 41 ndi 40. Mu 2021 loji inagula mashiti atsopano 120, ndipo kuyambira pamenepo otayidwa anali 16 okha.

"Ndiye atsala 104," anatero Rehema, maso ali gwa pa bukulo. "Amama, mwakhala mukuyenda ndi CV m'thumba zaka zonsezi!"

Basi, chitseko chinatseguka. Malemu aja anayamba kuchita zodabwitsa. Pa kusita, anakumbukira za mphutsi, zija ntchentche zimaikira mazira pa zovala zoyanikidwa n'kulowa pakhungu la munthu. Chaka china alendo asanu analemba madandaulo m'buku la alendo. Iwo analamula kuti chilichonse, ngakhale tawulo, chidutse pa simbi yotentha mbali zonse ziwiri, ndiponso kuti pasapezeke choyanikidwa pa mchenga. Kuchokera 2019 dandaulo lotero silinalembedwenso. Pa kuyala mabedi, anakumbukira kuti kale aliyense ankalimbana ndi zipinda zake yekha mpaka 3 koloko, alendo atakhala pa zikwama zawo. Iwo anapempha kuti azigwira awiriawiri, wina kubafa wina kubedi, ndipo zipinda zonse 12 zinayamba kutha 1 koloko isanakwane. Anaphunzitsanso ntchito anthu atsopano asanu ndi awiri, ndipo mayina awo anawatchula onse.

Anthu obwera kudzasindikiza mapepala anangoima pakhomo kukamwa yasa, kumvera mayi wamoyo akudziwerengera mbiri ya maliro. Bambo wina mpaka anavula chipewa.

Chimwemwe chitakwera, Anyalongwe anaonjeza: "Ndipo chifukwa cha malemuwa, alendo anachuluka pa loji!"

"Imeneyo ayi," anatero Rehema. "Mungaionetse bwanji? Mwina anachuluka chifukwa cha wophika, mwina msewu. Chimene simungachiloze ndi chala, tichisiye."

"Zoona. Pamanda ndikanaichotsanso."

"Ndipo zija za awiriawiri, tinene kuti munayambitsa ndinu, koma munagwira ndi anzanu. Si kudzitama kumeneko, ndi mmene zinalili."

Mawu amenewa anawakhazika mtima pansi. Rehema anafupikitsa zonse kukhala mizere inayi, anaiwerenga kaye m'Chichewa kuti mwini wake avomereze, kenako anaitembenuzira m'Chingerezi pa kompyuta. Woyamba unkati: "Ndinasintha nthawi yochapira ndi malo oyanikira molingana ndi masiku a nkhungu, ndipo mashiti otayidwa anatsika kuchoka pa 40 pachaka kufika pa anayi, mwa 120 ogulidwa mu 2021, 104 akugwirabe ntchito." Za mpira wamanja anafufuta, n'kuikapo ulembi wa Umanyano.

"Koma mawa mukawerenge ndi manja," anachenjeza Rehema. "Buku ndi buku."

Lachitatu anawerengadi mashiti onse, a m'sitolo yosungiramo katundu wa loji, a pamabedi ndi a kochapira. Anakwana 104 ndendende. Tsiku limenelo anabwerera kunyumba akuimba nyimbo ya kwaya msewu wonse.

Lachisanu a Kachale ankaitana mmodzimmodzi. Anyalongwe anali achisanu ndi chimodzi kulowa. Manijala anawerenga pepala lawo kamodzi, anabwerezanso, kenako anawayang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mwezi? Mumachapa poyang'ana mwezi?"

"Eya bwana. Ukufa Lachiwiri likubwerali. Mukhale pakhonde mudzaone nokha."

A Kachale anatenga buku la alendo, anatsegula masamba a zaka zambiri kufunafuna mawu oti mphutsi. Anawapeza kasanu mu 2018, kenako zii. Anagwedeza mutu, n'kuimirira.

"Tiyeni tikawerenge mashiti."

Anayamba ndi m'sitolo, bwana atapinda malaya, akunyambita chala ngati akutsegula Baibulo. Analowa zipinda zonse 12. Anatsirizira kochapira, antchito onse akuwatsatira chapatali monamizira kusesa. A Kachale anaphatikiza manambala pa foni yawo.

"102."

Anyalongwe anamva ngati pansi patsetsereka.

"Tibwereze, bwana."

Anabwereza. Anapezanso 102. Nkhope ya a Kachale inasintha, ndipo anapinda pepala lija pakati.

"Mayi, ndinanena kuti ndidzafufuza. Awiri ndi ochepa, koma ngati nambala iyi si yoona, zinazi ndizikhulupirire bwanji? Kapena pali amene amapita nawo kunyumba?"

Kuba! Zaka khumi ndi zinayi osatola ngakhale kasopo kotsala, lero awatchule akuba pamaso pa anzawo? Mantha aja anathawa, m'malo mwake munalowa ukali. Anyalongwe anagwada pa mulu wa mashiti, anayamba kutembenuza ngodya, akutchula manambala ofiira aja mokweza ndi kuchonga m'buku. Anathamangira m'zipinda, anabwerako thukuta lili kamukamu.

"Akusowa 57 ndi 58. Lachitatu anali m'sitolo, shelefu yapakati. Sanasainidwe." Anaima, n'kumuyang'ana manijala kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Bwana, mmene munabwera mumagona m'chipinda nambala 4. Lero ndachipeza chopanda katundu wanu. Mwasamukira kuti?"

"Ku kanyumba ka manijala, dzulo madzulo."

"Mwagona pa chiyani?"

Kumbuyo kunamveka kutsokomola kwa a Golden.

"Bwana anatuma ine kukatenga mashitiwo, Anyalongwe. Munali mutaweruka. Anandipatsa kiyi wa sitolo amene amakhala ku ofesi, akuti buku tidzalemba mawa."

Gulu lonse linanyamuka ulendo wa ku kanyumba kaja, Anyalongwe patsogolo, bwana pambuyo. Bedi analipeza losayala n'komwe, ndipo mayiwo anachita tsk, posaugwira mtima. Anakoka ngodya ya shiti yapansi: 57. Anakoka yapamwamba, n'kuikweza m'mwamba kuti onse aone ulusi wofiira.

Nthungululu inaphulika pakhomopo. A Kachale anaseka mpaka kuvula magalasi n'kupukuta m'maso.

"Ndagwidwa! Wakuba ndine!" Anawongola pepala lija pa ntchafu pawo mosamala. Kenako anapisa m'thumba, anatulutsa mpukutu wa makiyi a sitolo ndi a zipinda zonse. "Mayina a otsala ndiika pa bolodi madzulo, koma la kapitawo silikufunikanso kudikira. Landirani, Anyalongwe."

Iwo analandira ndi manja awiri, bondo litapinda. Kenako anatsegula buku lawo, anatulutsa cholembera m'tsitsi, n'kumupatsa bwana.

"Yewo, bwana," anathokoza m'chinenero cha kwawo. "Koma musaine kaye apa. Mashiti awiri, Lachinayi."

A Kachale anasaina.

Chimwemwecho sichinali chopanda minga, chifukwa anayi oti achoke anali anzawo a zaka zambiri, ndipo poyang'ana nkhope zawo mtima unawawa. Anazemba pagulupo, anapita kuseri kwa shedi kumene kunalibe munthu, n'kuimbira foni Mackson. Mwamunayo anayankha isanalire kawiri. Chiyambire m'mawa anali atangokhala pa mpando ndi foni m'manja.

"Zayenda bwanji?"

Anyalongwe anatsegula pakamwa kuti ayankhe. Kunangotuluka kulira.

"Akuchotsani? Musalire, amama. Bwerani kunyumba. Chinangwa chilipo, tidzaona chochita."

Ndiye mayiwo anakweza mpukutu wa makiyi uja, anauyandikiza pa foni, n'kuugwedeza mwamphamvu: wejeweje, wejeweje.

Mackson anazindikira phokoso la makiyi.

"Onsewo?" anafunsa Mackson.

"Onse, ada. Onse."